Mzere kapena mizati: tchati chiti chikuyenera malonda a mwezi ndi mwezi?

Wamalonda amene amalemba zomwe wagulitsa, kaya m'kope kaya pa kompyuta, chaka chikatha amakhala ndi manambala 12, mwezi uliwonse nambala yake. Manambalawo akakhala pamndandanda salankhula msanga. Munthu amawerenga la Januwale, pofika pa la Juni n'kukhala ataiwala kale la Malichi. N'chifukwa chake anthu amawajambula pa tchati, ndipo matchati amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa malonda a mwezi ndi mwezi ndi awiri. Choyamba ndi tchati cha mzere, pomwe mwezi uliwonse umakhala kadontho ndipo timadonthoto timalumikizidwa ndi mzere umodzi wokwera ndi kutsika. Chachiwiri ndi tchati cha mizati, pomwe mwezi uliwonse umakhala mzati woimirira, wamtali ngati malonda anachuluka, wamfupi ngati anachepa.

Manambala ake ndi amodzimodzi, ndipo pulogalamu monga Excel imajambula chilichonse mwa ziwirizi mukangodina kamodzi. Ambiri amangosankha chomwe chawakomera m'maso. Komatu matchati awiriwa amatsogolera diso mosiyana. Pa mzere, diso limatsata kupendekeka, ndiye munthu amaona komwe malonda akulowera ndiponso liwiro lake. Pa mizati, diso limayeza kutalika, ndiye munthu amaona kukula kwa mwezi uno pouyerekeza ndi uja. Choncho funso loyamba kudzifunsa ndi lakuti, amene adzayang'ane tchatichi akufuna kudziwa chiyani?

Sitolo yachitsanzo

Tiyerekeze sitolo ya hadiweya ya patauni ina yaing'ono ya m'chigawo chapakati, yogulitsa malata, simenti, misomali ndi utoto. Manambala ali m'munsiwa ndi ongopeka kuti tiphunzirirepo, koma kayendedwe kake n'kodziwika kwa aliyense wogulitsa zomangira: ndalama zimasowa m'miyezi ya dzinja, zimabwera anthu akakolola n'kugulitsa, ndipo ambiri amamanga m'chilimwe. Zonse zili m'mamiliyoni a kwacha.

| Mwezi | Malonda | Mwezi | Malonda |
|---|---|---|---|
| Januwale | 6.2 | Julayi | 14.2 |
| Febuluwale | 5.6 | Ogasiti | 13.6 |
| Malichi | 6.0 | Sepitembala | 12.1 |
| Epulo | 7.5 | Okutobala | 10.8 |
| Meyi | 10.4 | Novembala | 9.0 |
| Juni | 13.0 | Disembala | 8.4 |

Chaka chonse zikukwana K116.8 miliyoni. Mwini sitolo ali ndi zofuna ziwiri. Akufuna kudziwa nthawi yoyenera kuyamba kuoda katundu wambiri komanso nthawi yolekera, kuti ndalama zisagone m'malata osagulidwa. Akufunanso kupempha ngongole kubanki, ndipo wa kubankiyo adzafuna kuona kuti mwezi ndi mwezi mumalowa ndalama zingati, makamaka m'miyezi yoipa, chifukwa ngongole imabwezedwa ngakhale mu Febuluwale.

Zimene mzere ukunena

Manambalawa akajambulidwa pa tchati cha mzere, chimaoneka ndi phiri limodzi. Mzere umayenda chogona kuyambira Januwale mpaka Malichi, umayamba kudzuka mu Epulo, kenako umakwera mwamphamvu. Pakati pa Epulo ndi Meyi malonda awonjezeka ndi K2.9 miliyoni, ndipo apa ndi pomwe mzere waima kwambiri. Pakati pa Meyi ndi Juni awonjezeka ndi K2.6 miliyoni. Pakati pa Juni ndi Julayi awonjezeka ndi K1.2 miliyoni yokha, ndipo mzere wayamba kuwerama. Mu Ogasiti watembenuka, ndipo kuchokera apo ukungotsetsereka mpaka Disembala.

Kuwerama kwa mu Julayi kuja ndiko uthenga waukulu kwa mwini sitolo. Julayi ndi mwezi womwe anagulitsa koposa miyezi yonse, moti poona ndalama za mukabati yekha akanaganiza zoitanitsa lole ina ya simenti. Koma mzere ukuonetsa kuti ngakhale malonda akadakwera, mphamvu yokwerayo yatha. Pa mizati zimenezi ziliponso, koma kuti munthu azione ayenera kuyeza kusiyana kwa mitu ya mizati iwiriiwiri n'kumasunga m'mutu. Mzere umamuchitira ntchito imeneyi, chifukwa kachidutswa kalikonse kolumikiza miyezi iwiri ndi chithunzi cha kusinthako. Kakaima kwambiri ndiye kuti kusintha n'kwakukulu, kakagona ndiye kuti zinthu zili chimodzimodzi.

Mzere umapambananso pamene zoyerekeza zachuluka. Mwini sitolo akafuna kuika chaka chino pambali pa chaka chatha, mizere iwiri ya mitundu yosiyana imakwana bwino pa tchati chimodzi, ndipo mpata wa pakati pake umaonetsa miyezi imene chaka chino chaposa chinzake. Pa mizati pakhala mizati 24 yoimirira iwiriiwiri, zomwe zikadawerengeka koma movutikira. Akakhala ndi masitolo atatu, mizati ikwana 36, ndipo diso silingathe kutsata sitolo imodzi pakati pa mpanipani wotero. Mizere itatu imatsatika. Ikapitirira inayi kapena isanu nayonso imapiringizana, ndipo pamenepo ndi bwino kujambula timatchati ting'onoting'ono, sitolo iliyonse kake, tonse pa sikelo yofanana.

Zimene mizati ikunena

Manambala omwewa akaimikidwa ngati mizati, diso limayamba ndi kuona wamtali ndi wamfupi. Mzati wa Julayi ndi wotalika kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi wa Febuluwale, ndipo ndi mmene zililidi: 14.2 kugawa ndi 5.6 ndi 2.5 ndi kanyenyeswa. Mizati inayi ya Juni mpaka Sepitembala imadzaza mbali yaikulu ya tchati, ndipo mukaiphatikiza ikukwana K52.9 miliyoni, pafupifupi 45 peresenti ya malonda a chaka chonse. Mizati itatu yoyambirira ndi yaifupi ndipo ikungolingana. Wa kubanki akaona zimenezi amadziwa nthawi yomweyo kuti ndalama yobweza mwezi ndi mwezi iyenera kuyezedwa ndi mizati yaifupiyo.

Pali chifukwa chinanso chomwe mizati imayenerera manambala otere. Malonda a mwezi ndi chiphatikizo cha zonse zomwe zinagulidwa kuyambira pa 1 mpaka tsiku lomaliza. Mzati umanena zomwezo: mulu wa mwezi uno ndi uwu, wa mwezi winawo ndi uwo. Mzere umapereka chithunzi chakuti pali ulendo wosadukiza kuchokera pa kadontho kena kufika pa kena, koma pakatikati pa kadontho ka Epulo ndi ka Meyi palibe nambala yeniyeni. Munthu sangaloze pakati pa mzerewo n'kunena kuti tsiku lakuti malonda anali K9 miliyoni. Mzerewo ndi wongotsogolera diso, n'chifukwa chake pa malonda a mwezi ndi mwezi ndi bwino kusiya timadontho tikuoneka. Mu Excel, tchati chotere chimatchedwa `Line with Markers`. Dziwaninso kuti m'pulogalamuyi mizati yoimirira imatchedwa `Column`, pomwe `Bar` ndi yogona chopingasa. Pa miyezi sankhani yoimirira, chifukwa anthu anazolowera kuona nthawi ikuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja.

Kusiyana kwa ntchito kumeneku kunayamba ndi munthu yemwe anafalitsa matchati awiri onsewa. William Playfair wa ku Scotland anatulutsa buku lotchedwa The Commercial and Political Atlas mu 1786, ndipo pafupifupi matchati onse a m'bukulo anali otsata zaka, oonetsa mmene malonda a dziko la Mangalande ndi maiko ena ankasinthira. Atafika pa malonda a Scotland anali ndi manambala a chaka chimodzi chokha, a maiko 17 omwe dzikolo linkachita nawo malonda. Panalibe nthawi yoti mzere uitsate, choncho anajambula mizati yogona, dziko lililonse yake. Phunziro lake likugwirabe ntchito m'sitolo yathu. Mwini sitolo akafuna kuyerekeza malata, simenti, misomali ndi utoto, mzere ulibepo malo. Mzere wochoka pa malata kutsikira pa misomali sukutanthauza kanthu, popeza malata sasanduka misomali, ndipo mukasintha ndondomeko ya katunduyo mawonekedwe a mzere amasinthiratu. Miyezi ndi yomwe ili ndi ndondomeko yosasinthika, n'chifukwa chake imalola matchati onse awiri.

Lamulo la ziro

Pali lamulo limodzi lomwe mizati singathawe: sikelo ya kumanzere iyenera kuyambira pa ziro. Uthenga wa mzati uli m'kutalika kwake, ndiye mukaudula kunsi mwasintha uthengawo.

Tiyeni tione ndi manambala a sitolo ija. Mwini sitolo wasankha miyezi itatu yokha, Juni, Julayi ndi Ogasiti, yomwe manambala ake ndi 13.0, 14.2 ndi 13.6. Sikelo ikayambira pa ziro, mizati itatuyi ikhala pafupifupi yofanana, ndipo ndi zoona, chifukwa Julayi waposa Juni ndi 9 peresenti yokha. Koma sikelo ikayambira pa 12.4, chooneka cha mzati wa Juni ndi 0.6 basi, cha Ogasiti ndi 1.2, cha Julayi ndi 1.8. Pa pepala, Julayi waoneka wamkulu katatu kuposa Juni. Palibe nambala yabodza yomwe yalembedwa, koma aliyense woyang'ana mwachangu wanamizidwa. Darrell Huff anachenjeza kale za kudula sikelo m'buku lake la mu 1954 lotchedwa How to Lie with Statistics, koma mchitidwewu ukadali ponseponse.

Nthawi zambiri sikuti munthu wachita dala. Excel imadzisankhira poyambira sikelo, ndipo manambala akakhala oyandikana kwambiri, monga pamene laling'ono likuposa magawo asanu mwa asanu ndi limodzi a lalikulu, imaleka kuyambira pa ziro. Kuzindikira kwake n'kosavuta: musanakhulupirire tchati cha mizati chilichonse, yang'anani nambala ya pansi penipeni kumanzere. Ngati si ziro, dinani sikeloyo ndi batani la kumanja la mausi, sankhani `Format Axis`, ndipo pa `Minimum` lembani `0`.

Mzere uli ndi ufulu wochulukirapo pa nkhaniyi, chifukwa uthenga wake uli m'malo omwe timadontho takhala ndi m'kupendekeka. Golosale yomwe malonda ake amangozungulira pakati pa K13 miliyoni ndi K14 miliyoni chaka chonse, ikajambulidwa kuyambira pa ziro, mzere wake ukhala ngati wowongoka ndipo kusintha kwa K500,000 sikuoneka, chonsecho ndalama imeneyo ikhoza kukhala lendi ya mwezi. Apa n'kololeka kuyambira sikelo pa 12 kuti kusinthako kuoneke, malinga manambala a sikelo alembedwe mooneka bwino. Koma ufuluwu uli ndi malire. Mukapanikiza sikelo kwambiri, kapena mukachititsa tchati kukhala chachitali ndi chopapatiza, kakusintha kochepa kamaoneka ngati phompho. Mukachitambasula m'mbali, phompho lenileni limaoneka ngati kamtsetse. Muyeso wabwino ndi kudzifunsa ngati mantha kapena chimwemwe chomwe tchaticho chikubweretsa chikulingana ndi kwacha zomwe zasinthadi.

Miyezi yosalingana ndi miyezi yosowa

Mzere umaganiza kuti miyezi yonse ilipo ndipo ndi yofanana. Zonse ziwirizi sizikhala zoona nthawi zonse.

Tayang'ananinso miyezi itatu yoyambirira. Mzere ukutsika kuchoka pa 6.2 kufika pa 5.6, kenako ukukwera kufika pa 6.0. Woona angati Febuluwale anali woipa ndipo Malichi zinthu zinayamba kubwerera. Koma Januwale ali ndi masiku 31 pomwe Febuluwale ali ndi 28. Ngati sitoloyo imatsegula tsiku lililonse, K6.2 miliyoni kugawa ndi 31 ndi K200,000 patsiku, ndipo K5.6 miliyoni kugawa ndi 28 ndi K200,000 yomweyo. Malonda sanatsike m'pang'ono pomwe, mweziwo ndiwo unafupika. Malichi, yemwe akuoneka ngati wachira, ali ndi K6.0 miliyoni pa masiku 31, pafupifupi K194,000 patsiku, kutanthauza kuti ndiye woipitsitsa pa itatuyi. Vutoli lilipo pa matchati onse awiri, koma pa mzere limapweteka kwambiri chifukwa mzere umakokera diso pa kukwera ndi kutsika. Ngati funso lili lakuti bizinesi ikulowera kuti, jambulani mzere wa malonda a patsiku, ndiko kuti malonda a mwezi kugawa ndi masiku omwe sitolo inatsegula. Ngati funso lili lakuti munalowa ndalama zingati, mizati ya chiphatikizo cha mwezi ndiyo yolondola, chifukwa ndalama zomwe zinalowadi mu Febuluwale ndi K5.6 miliyoni.

Mwezi wosatha nawo umasokoneza. Tchati chikajambulidwa pa 10 Disembala, nambala ya mweziwo ndi ya masiku khumi okha, ndipo mzere ugwa pansi ngati bizinesi yatha. Mwezi woterowo usiyeni kaye, kapena ngati ndi mizati, upakeni utoto wotumbuluka n'kulembapo kuti sunathe.

Ndiye pali mwezi wosowa. Tinene kuti mu Ogasiti mulibe nambala. Pali zifukwa ziwiri zosiyana kwambiri: mwina sitolo inali yotseka ndipo sinagulitse kanthu, mwina inagulitsa koma kope linatayika. Pa chifukwa choyamba nambala yoona ndi ziro, ndipo iyenera kulembedwa. Pa chachiwiri nambala sikudziwika, ndipo malowo ayenera kukhala opanda kanthu. Excel imafunsa chochita ndi malo opanda kanthu mukalowa pa `Select Data` kenako `Hidden and Empty Cells`, pomwe pali `Gaps`, `Zero` ndi `Connect data points with line`. Mukasankha `Zero` pa mwezi womwe kope linangotayika, mwajambula kugwa komwe sikunachitike. Mukasankha kulumikiza, mzere udumpha kuchoka pa Julayi kufika pa Sepitembala ndipo woona aganiza kuti Ogasiti akudziwika. `Gaps` ndiyo imanena zoona, posiya mpata. Choopsa kwambiri ndi kuchotseratu mweziwo pamndandanda, chifukwa ngati maina a miyezi analembedwa ngati mawu wamba, pulogalamu iika Sepitembala pafupi ndi Julayi, ndipo kutsika kwa miyezi iwiri kuoneka ngati kwa mwezi umodzi. Manambala akakhala ndi mipata yambiri chonchi, mizati ndiyo yotetezeka, popeza mzati uliwonse umangodziyankhira wokha.

Kwacha kapena matumba?

Pali chinthu chomwe tchati chilichonse mwa ziwirizi sichingakonze. Malonda owerengedwa m'kwacha amakwera mitengo ikakwera, ngakhale katundu wotuluka m'sitolo akhale wochepa. Amalonda a m'Malawi akudziwa bwino zimenezi, makamaka kuchokera mu Novembala 2023 pomwe ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inalumpha. Tiyerekeze kuti mzere wa chaka chino uli pamwamba pa wa chaka chatha ndi 25 peresenti, koma mitengo ya m'sitolomo yakwera ndi 40 peresenti. Mukagawa 125 ndi 140 mupeza 0.89, kutanthauza kuti katundu wogulitsidwa watsika ndi pafupifupi 11 peresenti. Mzere ukukwera, makasitomala akuchepa. Tchati chikamatenga nthawi yaitali, vutoli limakulirakulira, ndipo mzere ndi womwe kawirikawiri umagwiritsidwa ntchito pa nthawi yaitali. Njira yake ndi kujambula tchati china cha katundu weniweni, monga matumba a simenti kapena malata omwe anatuluka mwezi uliwonse, n'kuchiika pansi pa cha kwacha, miyezi italunjikana. Kupanikiza zonse pa tchati chimodzi chokhala ndi masikelo awiri, kwacha kumanzere matumba kumanja, kumabweretsa chinyengo china, chifukwa malo omwe mizere iwiriyo yakumanirana amadalira mmene masikelowo atambasulidwira basi.

Chosankha cha mwini sitolo

Pa manambala 12 omwewa, mwini sitolo afunika matchati awiri, chilichonse ndi mwini wake. Cha kubanki chikhale cha mizati yoyambira pa ziro, nambala italembedwa pamutu pa mzati uliwonse, chifukwa funso la kumeneko ndi kuchuluka kwa ndalama za mwezi uliwonse, ndipo mizati 12 imalola manambala kulembedwa osathinana. Cha iye mwini, chokonzera maoda, chikhale cha mzere wa malonda a patsiku, chaka chatha ndi chaka chino pamodzi. Poona kuti chaka chatha mzere unadzuka mu Epulo n'kuima kwambiri polowa mu Meyi, adziwa kuti katundu ayenera kukhala atafika Epulo asanathe. Poona kuti unawerama mu Julayi, adziwa kuti maoda akuluakulu ayenera kuchepa mwezi umenewo, ngakhale kasitomala akhale akadali pamzere.

Ngati pepala likulola tchati chimodzi chokha, monga pa lipoti la kumsonkhano wa kopaletivi, yambani ndi kulemba mutu wa tchaticho ngati chiganizo chathunthu. Mutu ukatuluka ndi mawu monga akukwera, akutsika, anatembenuka kapena ayamba kuchepa mphamvu, ndiye kuti mukufuna mzere. Ukatuluka ndi mawu monga waposa, wachepera, kuwirikiza kawiri kapena theka la chaka chonse, mukufuna mizati. Mutu wakuti malonda akhala akutsika kuyambira Ogasiti ndi wa mzere. Wakuti miyezi inayi yokha inabweretsa 45 peresenti ya ndalama za chaka ndi wa mizati, ndipo inayiyo muipake utoto wosiyana ndi inzake kuti diso lifikire pomwepo. Chiganizo chikakana kutuluka, vuto silili pa tchati. Bwererani ku manambala mpaka mudziwe chomwe mukufuna kuuza anthuwo.